Mpando anapatsa wandevu

Loweruka usiku. Tulo sitikubwera, za ku Chitakale zija zikundivutabe mumtima.

Tinapita kwa akuchikazi kukakamba za chinkhoswe cha achimwene. Nkhoswe yathu ndi amalume aang'ono, omaliza kubadwa kwa agogo. Ali ndi zaka 35, ana atatu, ndi kapitawo kumunda wa tiyi, koma chibwano chawo ndi chosalala, tindevu n'towerengeka. Anatiperekeza msuweni wanga wa zaka 22, amene ndevu zake zinagwirana kuchokera khutu ili mpaka linalo.

Tisanamalize n'komwe kuodira, bambo wa pakhomopo anatulutsa mpando n'kupatsa msuweni. "Khalani apa bambo, mwayenda bwanji?" Amalume anawalozera pamkeka, n'kufunsa, "Nanga mnyamatayu ndi wanu?" Msuweni anadzuka msangamsanga n'kufotokoza. Bambowo anapepesa ndithu, koma zokambirana zonse maso awo ankathawirabe kwa wandevu, ngati kuti mawu a amalume akudikira chidindo chake. Zinandiwawa kwambiri. Munthu amene anasunga ife mayi atadwala!

Pobwerera, kuchiperoni kuja, amalume anandiululira kuti akhala akudzipala ndi lezala m'mawa uliwonse, poti anzawo anawauza kuti ndevu zimachuluka ukamameta. Ndinati, "Amalume, lekani, mukungodzipweteka." Lezala imadula tsitsi pamwamba pa khungu, siifika pamuzu. Zikamaphukanso zimaoneka zokhuthala chifukwa nsonga yake yadulidwa, basi. Pamene palibe muzu sipamera kanthu. Kuchuluka kwa ndevu n'kwakumtundu, kumatengera mmene mizuyo imamvera mahomoni achimuna, ndipo munthu angakhale wamphamvu, wobereka bwinobwino, chibwano chili mbee. Kwa ambiri zimapitiriza kudzaza mpaka cha m'ma 30, ndiye pa 35 n'zokayikitsa kuti zingasinthe kwenikweni.

Zimene apindula ndi tiziphuphu pakhosi. Tsitsi lathuli ndi lopotana, ukalidula mpaka pakhungu limapindika n'kulasa khungu lomwelo, pamatupa, kenako pamada. Ndawauza azipita kwa ometa ndi mashini, asiyeko pang'ono.

Chikundisokoneza n'chakuti ndevu zomwezo sizipatsa ulemu paliponse. Msuweni yemweyo atazilekerera osapesa, agogo anamukana kumutuma ndalama za feteleza ku Limbuli, amvekere akuoneka ngati wosuta chamba. Atazidulira m'mbali n'kuzilinganiza, lero wasanduka "bambo". Pamene a mpingo wa Apositoli amazisiya zitalike ndipo palibe amawakayikira pa ndalama chifukwa cha zimenezo, anthu amangoti n'zachipembedzo. Ndiye timakhulupirira chiyani kwenikweni, ndevuzo kapena chipeso?

Amalume akuti ulendo wotsatira atenge munthu wa imvi, iyeyo ndiye aziyankhula. Ine sindikufuna. Nkhoswe ndi iwowo, ndipo banjali likadzagwedezeka usiku adzadzutsidwe ndi iwowo. Koma mayi akuti tisalimbane ndi akuchikazi zinthu zisanayambe n'komwe. Mawa tikatuluka m'tchalitchi ndikawaonenso amalumewo, kaya akandimvera.