Oyilo atatha pakati pa Sorgin ndi Bangula

Kanyale kofiira ka pa dashibodi ya galimoto kojambula kaketulo kodontha kaja sikanena kuti oyilo wachepa ayi, kamanena kuti oyilo sakufika ndi mphamvu m'maberingi, ndiye kakayaka injini ikulira muli ndi masekondi chabe osati makilomita. Ine kanandiyakira usiku cha m'ma 9 koloko titangodutsa Sorgin, Hiace ya dizilo yodzadza mpaka kumbuyo, anthu aku Bangula, aku Tengani ndi ena aku Nsanje boma, matumba a chimanga pansi pa mipando. Galimoto inali itasinthidwa oyilo ndi fyuluta m'mawa womwewo ku Blantyre, Thabwa tinatsika bwinobwino, Nchalo ndi Ngabu osamva kalikonse.

Kanayamba ndi kuphethira. Ndikaponda buleki kamayaka, ndikasiya kamazima, ndiye ine ndinadziwiratu kuti nkhani ndi ya oyilo kuchepa, chifukwa ukaponda buleki oyilo wotsalayo amathamangira mbali imodzi ya sampu, mosungira oyilo pansi pa injini, ndipo pampu imakoka mpweya. Kuphethira kwa injini yotopa kumakhala kwina, kumabwera galimoto ikaima pa siteji itatentha kwambiri, ukaponda moto kamazima, ndipo kuno kuchigwa m'mwezi wa Okutobala zimenezo n'zosasowa popeza oyilo amasungunuka ndi kutentha. Koma uku kunali kwa buleki.

Ndinayatsa mahazadi, kupatukira kumbali pamalo osapendekeka, n'kuzimitsa injini pompo. Phokoso linayambika m'galimoto. Bambo ena kumbuyo akuti "a dilaivala, Bangula si apa pomwepa, tangokankhani tikaimire pa magetsi", mayi wina wa mwana akuti udzudzu utitha kuno. Zoona Bangula sinali patali, koma injini yopanda oyilo siwerenga mtunda, imanoka basi, ndipo ikanoka mukukamba za kilankishafuti, maberingi, mwina injini yonse, pomwe vuto lenileni n'kutheka ndi la ndalama ya malita awiri. Ndinangoti pepani akuluakulu, tipatseni mphindi zingapo. Kondakitala wanga anakaika matirayango kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa malole a usiku pa M1 sachedwa kukupeza.

Pa Hiace injini ili pansi pa mpando wakutsogolo, ndiye awiri a kutsogolo anatsika, tinatukula mpando. Osathamangira dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo kaja, dikirani kaye mphindi zisanu kapena khumi oyilo atsikire mu sampu, apo ayi ikunamizani. Ndinaisolola, kupukuta ndi kansanza, kuibweza mpaka kumapeto n'kusololanso, tochi ya pa foni ili pakamwa. Youma. Ngakhale kunsonga kwenikweni kunalibe kanthu. Pakati pa zizindikiro za L ndi F za pa dipisitiki pamalowa pafupifupi lita imodzi, ndiye ikauma chonchi dziwani kuti zapita zoposa pamenepo.

Apa ndi pomwe ambiri amangotsegula chigubu n'kuthira. Ine ndimati ayi, oyilo wa m'mawa womwewo sangangosowa, wapita kwinakwake, ndipo ukathira usanapeze komweko ukungothirira msewu. Utsi kumbuyo kunalibe, madzi mu ladiyeta sindinatsegule poti inali yamoto koma geji ya kutentha inali pamalo pake, ndipo pansi pa chivindikiro chothirira oyilo panalibe zoyera zonga mkaka zomwe zimaoneka madzi akasakanikirana ndi oyilo. Ndiye ndinayala katoni n'kulowa pansi. Malo oyang'ana ndi atatu: bawuti ya pansi pa sampu, kasuwitchi ka oyilo koyatsa kanyale kaja komwe kali ndi waya umodzi, ndi fyuluta. Bawuti inali yolimba, youma. Kasuwitchi kouma. Fyuluta ndiye inali chonyowa chonse, oyilo atawazika chammbuyo mpaka ku giyabokosi ndi mphepo ya paulendo.

Ndinayesa kuimanga ndi dzanja, inali yolimba kale, ndiye sikunali kukhwefuka. Ndinatenga lamba wa kondakitala, kumukulunga pa fyuluta kuti ndigwire bwino poti inali yoterera komanso yotentha, kupotoza pang'onopang'ono mpaka inamasuka, n'kuitsitsa choimika kuti oyilo wa mkatimo asatayike. Kuunika pomwe imakhala paja, labala yakale ya fyuluta yochotsedwa ija inali itamatirira pa injini, yatsopano anangoimanga pamwamba pake. Malabala awiri sagwirana, injini ikatentha oyilo amadzipezera mpata pakati pawo, ndipo pena amatuluka onse kamodzi, ife tinachita mwayi kuti ankatuluka pang'onopang'ono. Ndinaikanganula ndi chikhadabo, kupukuta pamalopo, kupaka kaoyilo pa labala yatsopano n'kumanga ndi dzanja basi: ikangokhudza, muonjezere osafika kuzungulira kumodzi, sipanala isayandikire.

M'galimoto ndimayenda ndi malita awiri a oyilo wa 15W-40. Ndinathira imodzi, kudikira, dipisitiki inangonyowa kunsonga. Yachiwiri inafikitsa pamwamba pa L pang'ono. Kondakitala anaimitsa lole ina yomwe imachokera ku Nsanje, mkulu wake munthu wabwino, anatigulitsa lita ya oyilo wa dizilo n'kuima nafe mpaka tione mapeto ake. Zoti kampani ya oyilo wakeyo ndi yosiyana ndi ya wanga usiku ngati umenewo sizidetsa nkhawa, bola akhale oyilo wa injini, osati wa giyabokosi kapena wa buleki. Kudutsitsa pa F nakonso n'kulakwa, amachita thovu n'kuyamba kutulukira m'masilo.

Kenako kuliza. Ndinauza anthu akhale chete kaye, ndipo anakhaladi. Kiyi pa ON, kanyale kayenera kuyaka injini isanalire, kusonyeza kuti babu ndi wamoyo. Nditaliza kanazima pasanathe masekondi atatu kapena anayi, osaponda moto ngakhale pang'ono. Ndinatchera khutu pansi pa injini kufuna kumva kugogoda kolemera kuja kwa gu gu gu komwe kumakula ukaonjezera moto, kunalibe, kunali kulira kwa dizilo kwa masiku onse. Kondakitala ali pansi ndi tochi akuti "bwana, sikukudontha". Tinaisiya ilire mphindi zisanu, kuzimitsa, kudikira, kuyezanso. Inali chapafupi ndi F.

Kanyale kakanakana kuzima oyilo ali wokwanira, ndikanazimitsa nthawi yomweyo n'kuyesa chinthu chimodzi chokha, kuzula waya wa pa kasuwitchi kaja kiyi ili pa ON. Kanyale kakapitiriza kuyaka waya uli wozula ndiye kuti waya wakhudza chitsulo penapake, vuto ndi la magetsi. Koma kakazima, ndiye kuti mwina kasuwitchi kafa kapena pampu yasiyadi kukoka, kapenanso kasefa ka mu sampu katsekeka, ndipo pamsewu usiku palibe amene angasiyanitse zimenezi popanda geji ya makaniko. Pamenepo ine ndikanabweza ndalama za mtunda wotsala, kukweza anthu galimoto ina, yanga n'kuikoka m'mawa.

Tinanyamuka mwapang'onopang'ono, osapyola 60, diso pa dashibodi. Pa Bangula potsitsa anthu ndinazimitsa n'kuyezanso, osatsika. Pa Tengani chimodzimodzi. Bambo aja a "tangokankhani" anatsikira pomwepo, n'kufunsa ngati tichotserako ndalama chifukwa chochedwa, kondakitala anangowapatsira thumba lawo. Nsanje tinafika cha pakati pausiku, ndipo m'mawa makaniko wa pa boma anamanga geji pamalo pa kasuwitchi injini itatentha, n'kundiuza kuti maberingi apulumuka. Labala yakale ija ndinaitumiza ku Blantyre mu envulopu kwa amene anasintha oyilo, pamodzi ndi mtengo wa malita atatu.