Sabata imene Leicester inapambana koma n'kutuluka mu ligi

Ntchito yanga ndi yokonza pologalamu ya zamasewero pa wailesi, ndipo sabata yomaliza ya Meyi 2023 ndinaithera kumunsi kwa m'ndandanda wa Premier League. Manchester City inali itatenga kale chikho, choncho omvera ankaimba foni kufunsa za matimu amene ankayang'anizana ndi nkhwangwa.

Lolemba usiku Leicester inafanana mphamvu ndi Newcastle osachinyana, ndiye Lachiwiri ndinakhala pansi ndi cholembera. Ligiyi ili ndi matimu 20, ndipo atatu akumunsi amatsikira ku Championship. Southampton inali itagwa kale. Malo opulumukira anatsala amodzi, olimbirana atatu: Everton ndi mapointi 33, Leicester ndi Leeds 31 iliyonse.

Chimene ndinafuna kuti omvera amvetse chinali ichi. Everton ikapambana ifika 36, nkhani yatha. Koma ikangofanana mphamvu ikhala ndi 34, ndipo Leicester ikapambana ifikanso 34. Zikatero amawerenga kusiyana kwa zigoli zochinya ndi zochinyidwa, ndipo apa Leicester inali bwino: zochinyidwa zinkaposa zochinya ndi 18, pomwe kwa Everton zinkaposa ndi 24. Lachinayi ndinabwereza masamuwa pa wailesi pang'onopang'ono, poti ambiri ankaganiza kuti kupambana kokha n'kokwanira.

Loweruka tinaona mbali inayo. Burnley ndi Sheffield United zinali zitakwera kale pomaliza pa nambala 1 ndi 2 mu Championship, koma malo achitatu ankalimbirana matimu a nambala 3 mpaka 6. Luton inagonjetsa Coventry pa mapenate ku Wembley n'kukwera.

Lamlungu pa 28 Meyi masewero onse anayamba nthawi imodzi, kuti pasakhale timu yosewera ikudziwa kale zotsatira za inzake. Mu situdiyo ndinali ndi makanema awiri. Harvey Barnes atachinyira Leicester m'chigawo choyamba, Everton inali ikutuluka mu ligi yaikulu ya ku England imene yakhalamo kuyambira 1954, chonsecho pabwalo lake palibe amene anali atachinya. Pa mphindi ya 57 Abdoulaye Doucouré anamenya mpira uja wolowa m'golo la Bournemouth, zonse n'kutembenuka. Leicester inagonjetsa West Ham 2-1, koma akatswiri a 2016 anatuluka ndithu, limodzi ndi Leeds.

Zinandikhudza kwambiri, chifukwa kutuluka si manyazi okha. Ndalama za kanema zimatsika kwambiri, ngakhale timu yotsika imalandirabe kangachepe koithandiza kwa zaka zingapo, ndipo ogwira ntchito wamba a kalabu nawo amakhala pa chiopsezo. Miyezi iwiri isanathe James Maddison anali atapita ku Tottenham, Youri Tielemans ku Aston Villa, ndipo Barnes, amene anachinya chigoli choyamba tsikulo, anagulidwa ndi Newcastle.