Rozi Ali ndi Ludzu

Akazi anga ponyamuka ulendo wa masabata atatu anandisiyira ntchito imodzi yokha, yothirira maluwa awo a m'miphika pakhonde. Ndinawayankha monyada kuti apite mtima uli m'malo, foni izindikumbutsa. Ndinatchera chikumbutso cha 6:00 m'mawa tsiku lililonse, ndipo ndinalembapo liwu limodzi: "Maluwa."

Masiku atatu oyamba ndinkadzambatuka ngati msilikali. Tsiku lachinayi kunazizira, ndiye ndinati ndithirira ndikasamba, n'kuchikankha ndi chala. Sindinathirire, ndipo palibe chimene chinachitika. Maluwa sanalire, munthu sanandikalipire. Pofika sabata yachiwiri chala changa chinali chitaphunzira ntchito, chinkazimitsa chokha mwini wakene ndikuliza mkonono.

Nditaona masamba akuwerama ndinaganiza zanzeru, zowonjezera zikumbutso. Ndinatchera zisanu patsiku, mawu omwewo, kulira komweko. Apa m'pamene ndinadzikumbira dzenje. Cha 10:00 chinkandipeza kuntchito, cha 1:00 chimodzimodzi, kutali ndi khonde, moti ngakhale ndikanafuna sindikanathirira. Ndinali kudziphunzitsa kasanu patsiku kuti "Maluwa" amatanthauza "kankha."

Zimenezi ndinazimvetsa mochedwa, nditawerenga za Eric Kandel, wasayansi amene analandira mphoto ya Nobel mu 2000. Iye ankafufuza nkhono ya m'nyanja yotchedwa Aplysia. Mukaikhudza koyamba, imakokera mkati chiwalo chake chopumira mwamsanga. Mukabwerezabwereza popanda kuipweteka, imayamba kukoka mwaulesi mpaka kungokusiyani. Ubongo wathu umatero ndi phokoso lililonse lobwerezeka limene silibweretsa chabwino kapena choipa, ndipo likamabwera pafupipafupi m'pamene umalizolowera msanga. Koma likasintha, kapena likasowa kwa kanthawi, khutu limatsegukanso. Zinandipweteka kudziwa kuti pa nkhani ya zikumbutso ine ndi nkhono tili kalasi imodzi.

Akazi anga atabwera anaima pakhonde nthawi yaitali. Pa miphika isanu ndi iwiri panatsala umodzi wamoyo, wa rozi, nawonso uli wefuwefu.

"Bambo, foni ija inatayika?"

"Ayi, ilipo."

"Ndiye inkalira?"

"Kasanu patsiku."

Sanayankhe. Kukhala chete kumeneko kunandilasa kuposa alamu iliyonse.

Rozi wotsalayo ndinalumbira kuti safa m'manja mwanga. Zikumbutso zisanu zija ndinafufuta, n'kusiya chimodzi, cha Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka basi. Nthawi ndinaichotsa m'bandakucha n'kuiika pamene ndimafika pakhomo madzulo, chifukwa ndimadutsa pakhondepo ndithu, nsapato zili kuphazi, mpopi uli pafupi. Kuti chala chisaloweze, ndinkasuntha mphindi, lero 5:40, tsiku lina 5:55, koma osatuluka m'nthawi imene ndingathe kugwira ntchitoyo. Kulira kwakenso ndinasankha kosiyana ndi kwa mauthenga ena onse a pafoni. Ndinadziikiranso lamulo loti madzi asanalowe mumphika sindizimitsa, ndingodina Snooze kamodzi kokha.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi mawu. Liwu loti "Maluwa" silinkandituma chilichonse, linali ngati munthu wangoloza n'kuchokapo. Tsopano ndinkalemba ntchito yeniyeni: "Pisa chala m'dothi, ngati lauma thira makapu awiri." Mawu atsopano ankandigwira pafupifupi sabata imodzi kenako n'kuyamba kuzilala, choncho Lamlungu lililonse ndinkalemba ena. Sabata ina linali funso: "Dothi lija lili bwanji?" Sabata ina chiopsezo: "Kumbukira miphika isanu ndi umodzi ija." Rozi anaphuka masamba, ine luso la ulembi linandikwera kumutu.

Loweruka lina ndinafika msanga, n'kusiya foni patebulo kupita kukasamba. Potuluka ndinapeza akazi anga atakhala tsonga, foni ili m'manja, nkhope ili gwa.

"Bambo, khalani pansi. Rozi ndi ndani?"

Pagalasi panali ntchito ya manja anga ya sabata imeneyo: "Rozi akukudikira, ali ndi ludzu. Usamukhumudwitsenso ngati muja mayi atachoka."

Ndinaloza kukhonde, pakamwa pali kakasi. Anayang'ana mphika, anayang'ana ine, anayang'ananso foni. Kenako anandiuza kuti nditsegule zikumbutso zonse aziwerenga okha, chimodzichimodzi, ine nditaima pomwepo ndi thaulo m'chiuno. Atafika pa cha miphika isanu ndi umodzi anayamba kugwedezeka mapewa, koma foni sanandibwezere mpaka nditathirira, iwo akuwerenga makapu mokweza.