Kashopu kathu ka mbewu ndi nkhani ya "mvula yambiri"

Kashopu kathu kali pa Ngabu, timagulitsa mbewu ndi feteleza, ine ndi mayi akunyumba. Chaka choyamba ndinaluza ndalama chifukwa cha wailesi, kapena ndinene kuti chifukwa cha makutu anga omwe. Nditamva a zanyengo akuti kugwa mvula yoposa mulingo wanthawi zonse ndinathamangira ku Blantyre kukapikula mbewu yochedwa kucha, ndimvekere chaka chino ndi cha zitsononkho zazikulu basi. Mvula inabweradi koma yambiri inagwa masabata awiri a Januwale, Febuluwale dzuwa lili ng'aa chimanga chikumasula ngayaye. Anthu anakolola zochepa, ena sanabwerenso pashopu mpaka lero.

Ndi alangizi anandimasulira. Ulosi uja umawonkhetsa mvula ya miyezi itatu, Okutobala mpaka Disembala kenako Januwale mpaka Malichi, nkuyerekeza ndi mulingo wa zaka 30 wa dera lomwelo. Sunena kuti igwa mwandondomeko ayi. Komanso ndi mwayi chabe, mwachitsanzo 40 pa 100, ndiye kuti 60 yotsalayo ikhoza kukhala yapakati kapena yochepa. Ndipo "yambiri" ya kuno kuchigwa si ya ku Thyolo, kwathu mulingo wake ndi wochepa kale, kutentha nkumaumitsanso dothi msanga.

Ndiye pano munthu akabwera ndimayamba ndafunsa munda. Bambo ena anabwera ndi ndalama ya matumba anayi, awiri a NPK awiri a yuriya, maekala awiri, ina kumtunda ina kudimba kufupi ndi Shire. Amvekere "mwana wanga ndipatse yochedwa ija, akuti mvula ilipo."

Ndinati bambo, kumtundako dzalani yocha msanga ngati Kanyani, NPK thumba limodzi pobzala kapena ikangomera. Yuriya musathire yense kamodzi, theka pakatha masabata atatu, theka lina chimanga chikafika m'mawondo, ndipo muzikwirira. Yuriya sachedwa kusungunuka, chimvula chikagwa amatsika ndi madzi kupitirira mizu makamaka pa dothi lamchenga, mumangoona masamba am'munsi achita chikasu kuyambira kunsonga kutsata mtsempha wapakati. Pomwe madzi adikha musathire nkomwe, tsegulani ngalande kaye aphwe.

Za kudimba ndinawauza kuti matumba awiriwo akasunge m'nyumba pamalo ouma, osati pansi. Namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023 tinaona tonse, madzi otimiza kuno ambiri amachokera kumapiri ngakhale kwathu kusanagwe kwenikweni. Adikire madzi abwerere cha mu Epulo adzale pachinyontho.

Anadandaula kuti ndikuwaphunzitsa ulimi ine mwana wadzulo, koma anatenga Kanyani makilo 10. Mbewu yakudimba anati adzagula madzi akaphwa, ngati sindikweza mtengo.