Mmene ndinafupikitsira mbiri yanga ya ntchito kufika pa mawu 50

Fomu yofunsira ntchitoyo inali ya pa intaneti, ndipo inali ndi kabokosi kamodzi kolembamo mbiri ya ntchito m'mawu osapitirira 50. Popeza ntchitoyo inali yogwira ndi alimi kumudzi, analola kulemba m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Ine ndinasankha Chichewa. Vuto linali loti ndime yomwe imakhala pamwamba pa sivi yanga inali ndi mawu oposa 200, ndipo zonse zomwe zinali m'menemo zinali zoona. Ndine mlangizi wa zaulimi, ndagwira ntchito zaka 9 m'maboma a Mchinji ndi Kasungu, ndipo m'zaka zimenezo munthu umagwira zambiri: mtedza, soya, mbuzi zopatsirana, banki mkhonde, manyowa, makopaletivi.

Kudula mawu apa ndi apo m'ndime yaitaliyo sikukanandifikitsa pa 50. Munthu ukachotsa mawu atatu pa mawu anayi alionse, chotsalacho sichikhalanso chiganizo, chimangokhala zidutswa. Ndiye ndinaisiya kaye ndimeyo n'kutenga chilengezo cha ntchito ndi cholembera.

Ndinawerenga chilengezocho mofatsa, ndikudula mzere kunsi kwa chilichonse chomwe anachitchula kangapo kapena chomwe anachiika koyambirira. Zinatuluka zinthu zitatu. Ankafuna munthu wothandiza makopaletivi kupeza misika ya mtedza ndi soya, wodziwa kasamalidwe ka zokolola zikachoka kumunda, ndiponso wotha kuphunzitsa kalembedwe ka mabuku a ndalama. Chakumapeto anawonjezera kuti munthuyo azitha kuyendetsa njinga yamoto. Ndinalemba zimenezi pa kapepala, ndipo kuyambira pamenepo chiganizo chilichonse cha mu mbiri yanga ndinkachifunsa funso limodzi: kodi ukuyankha chiti mwa izi?

Zoyamba kugwa zinali ziganizo ziwiri zotsegulira. Zinkati: "Ndine munthu wolimbikira ntchito, wokhulupirika ndi wokonda kugwira ntchito ndi anzanga. Ndili ndi chidwi chachikulu pa chitukuko cha ulimi m'dziko lathu la Malawi ndipo ndimatha kugwira ntchito popanda wondiyang'anira." Amenewa ndi mawu 29, kuposa theka la malo onse omwe ndinapatsidwa. Si abodza ayi. Koma tayesani kufufuta dzina langa pamwamba n'kulembapo la mphunzitsi, namwino kapena wolondera, muona kuti ziganizozi zikumuyenera aliyense. Wowerenga mafomu ambirimbiri tsiku limodzi mawu otere amangowadumpha, chifukwa aliyense amalemba omwewo ndipo palibe njira yowatsimikizira. Kukhulupirika kwanga kukanaoneka bwino nditanena kuti ndimaphunzitsa asungichuma kulemba mabuku, pakuti gulu silipereka mabuku ake a ndalama m'manja mwa munthu amene silimudalira.

Pomwe ndinavutika mumtima ndi pa zinthu zabwino zomwe chilengezocho sichinafunse. Ntchito ya banki mkhonde ndimaikonda kwambiri. Ndakhalapo pansi pa mtengo wa mango tsiku logawana ndalama, amayi akuwerengetsa masheya awo, wina akutuluka ndi ndalama yokagulira malata. Ndinkafuna kuti aliyense wowerenga za ine adziwe kuti ntchito imeneyi ndinaigwira. Koma mu chilengezo munalibe ngakhale liwu limodzi la banki mkhonde, ndipo kuifotokoza bwino kukanadya mawu khumi kapena kuposa, omwe akanachoka pa nkhani ya misika. Ndinaichotsa, pamodzi ndi mbuzi ndi manyowa. Sizinatayike: zili mu sivi yomwe ndinaitumiza limodzi ndi fomuyo, ndipo ngati ndingadzafunsire ntchito ya zachuma cha kumudzi, banki mkhonde ndiyo idzakhale patsogolo, mtedza n'kutsala. Mawu 50 amalembedwera ntchito imodzi basi, ndipo n'chifukwa chake ndime yaitali ija ndimaisungabe mu kompyuta monga potapa.

Nditatsala ndi mfundo zitatu zija, ndinayamba kuzilemba mwatsopano, mfundo iliyonse chiganizo chake, ndipo pa chiganizo chilichonse ndinafuna chinthu chogwirika: malo, nambala kapena dzina la mbewu. Chiganizo cha makopaletivi poyamba chinali chotere: "Ndakhala ndikugwira ntchito yothandiza magulu a alimi otchedwa makopaletivi okwana asanu ndi limodzi kuti athe kugulitsa zokolola zawo pamodzi kwa ogula akuluakulu." Mawu 22. Ndinayang'ana pomwe mneni weniweni wabisala. "Ndakhala ndikugwira ntchito yothandiza" ndi mawu anayi onena zomwe "ndathandiza" amanena yekha. "Magulu a alimi otchedwa" ndi kufotokozera munthu amene makopaletivi amawadziwa kale, popeza ndiye analemba chilengezocho. "Okwana asanu ndi limodzi" anasanduka 6. "Kuti athe" ndi "zawo" anachoka popanda kusintha tanthauzo. Chinatsala ndi ichi: "Ndathandiza makopaletivi 6 kugulitsa zokolola pamodzi kwa ogula akuluakulu." Mawu 9, ndipo palibe mfundo yomwe yasowa.

Apa pali msampha womwe ndikufuna muusamale. Munthu ukamafupikitsa, umafuna mneni wamphamvu, ndipo ndi chapafupi kulemba zoposa zomwe unachita. "Ndakhazikitsa makopaletivi 6" kapena "ndatsogolera" zikumveka bwino kuposa "ndathandiza", ndipo kutalika kwake ndi komweko. Koma makopaletiviwo ena ndinawapeza alipo kale, ndipo ali ndi atcheya awo osankhidwa ndi mamembala. Ntchito yanga inali kuwakumanitsa ndi ogula, kuwathandiza kusonkhanitsa matumba malo amodzi ndi kuonetsetsa kuti sikelo ndi yolondola. Tsiku la mafunso adzakufunsa kuti unakhazikitsa liti, unalembetsa bwanji kuboma, ndipo ukadodoma mawu 49 enawo sadzawakhulupiriranso. Ndinasiya "ndathandiza".

Mfundo ya kasamalidwe ka zokolola inapita mbali ina: m'malo mofupika, inatalika. Mu ndime yakale ndinangolemba kuti "ndimadziwa kasamalidwe ka zokolola", mawu anayi okha. Koma mawu amenewa sakuonetsa kanthu. Amene amagula mtedza wambiri amaopa chuku, chifukwa nkhungu imeneyi imasiya poizoni yemwe amachititsa kuti katundu akanidwe pa msika, makamaka wa kunja. Zomwe ndimachita ine ndi kuyenda m'midzi nthawi yokolola, kuletsa alimi kuyanika mtedza padothi, kuwaletsa kuuwaza madzi pofuna kuti usweke mosavuta, ndi kukhala nawo pamphasa tikuchotsa wonyala, wosweka ndi wosintha mtundu. Zonsezi sizingalowe m'kabokosi, koma mitu yake ingalowe. Ndinalemba kuti ndimaphunzitsa alimi kuyanika ndi kusankha mtedza kuti usakanidwe chifukwa cha chuku. Ndinawononga mawu ambiri pamenepa mwadala, chifukwa ndi pomwe wodziwa ntchitoyi angaone kuti ndinaigwiradi. Malo omwe ndinapulumutsa pa makopaletivi ndi omwe ndinagwiritsa ntchito pano.

Kenako panali mkangano wa dipuloma ndi njinga yamoto, pakuti malo otsala sakanakwana zonse. "Ndili ndi dipuloma ya zaulimi" ndi mawu asanu. Nditayang'ananso fomuyo ndinaona kuti maphunziro ali ndi gawo lawo patsamba lotsatira, pomwe za njinga panalibe pena pozilemba. Chomwe chili ndi malo ake kwina sichiyenera kubwerezedwa m'kabokosi kopanikiza chotere. Dipuloma inachoka, njinga inalowa ndi mawu atatu.

Zonse nditaziphatikiza zinatuluka motere:

"Ndine mlangizi wa zaulimi ndipo ndagwira ntchito zaka 9 ndi alimi a mtedza ndi soya ku Mchinji ndi Kasungu. Ndathandiza makopaletivi 6 kugulitsa zokolola pamodzi kwa ogula akuluakulu. Ndimaphunzitsa alimi kuyanika ndi kusankha mtedza kuti usakanidwe chifukwa cha chuku, ndi asungichuma kulemba mabuku a ndalama. Ndimayendetsa njinga yamoto."

Ndi mawu 48. Powerenga musadalire maso. Mu Microsoft Word, ikani chizindikiro pa ndimeyo ndipo nambala imaoneka pansi kumanzere, kapena pitani ku Review kenako Word Count. Mu Google Docs ndi Tools kenako Word count. Mapulogalamuwa amawerenga chilichonse chokhala pakati pa mipata, choncho 9 ndi liwu limodzi, "a" ndi liwu limodzi, "m'mudzi" ndi liwu limodzinso. Ndinasiya mpata wa mawu awiri dala, chifukwa fomu ya pa intaneti ikhoza kuwerenga mosiyana pang'ono, ndipo ena amangodula zopitirira osakuuza. Onetsetsaninso ngati malirewo ndi a mawu kapena a zilembo. Pa screen akalemba characters ndiye kuti akuwerenga zilembo, nthawi zambiri pamodzi ndi mipata, ndipo mawu athu aatali ngati "ndimaphunzitsa" amadya malo msanga. Ngati mukufunika kupereka m'zilankhulo zonse ziwiri, muwerenge chilichonse pachokha, pakuti zomwe Chichewa chimamanga m'liwu limodzi Chingerezi chimazimwaza m'mawu awiri kapena atatu.

Ena pofuna kunyenga nambala amalumikiza mawu ndi kamzere kopendekera, kapena kusiya aneni onse n'kungondandalika "mtedza, soya, misika, mabuku, njinga". Kompyuta imalola, koma munthu wowerenga sadziwa kuti mtedzawo mumaulima, mumaugula kapena mumauphunzitsa. Mukaona kuti ndime yanu simungaiwerenge mokweza osapunthwa, mwadula mopitirira ndipo ndi bwino kuchotsa mfundo imodzi yathunthu kuti zotsalazo zikhale ziganizo.

Ndisanatumize ndinapempha mlamu wanga, yemwe za ulangizi sazidziwa, kuti awerenge kamodzi kokha pa foni. Atandibwezera foniyo ndinafunsa kuti, "Alamu, munthu ameneyu amagwira ntchito yanji?" Anayankha kuti ndi mlangizi wa mtedza ku Mchinji, amathandiza alimi kugulitsa pagulu, ndipo amaletsa chuku. Za mabuku a ndalama sanazitchule. Ndinaganizira ngati ndizipatse chiganizo chawochawo, koma mu chilengezo zinali zachitatu, ndipo zoyamba ziwiri zinali zitagwira m'mutu mwake. Ndinasiya momwemo, ndinakopera ndimeyo m'kabokosi, n'kuonanso kuti liwu lomaliza "yamoto" lalowa ndisanadine batani lotumizira.