Sabata ya makalata a ofuna unamwino ndi udokotala

Sabata yachiwiri ya Okotobala, pa koleji yomwe ndimagwira kuno ku Mangalande, nkhomaliro timadya choimirira. Ofuna udokotala amayenera kutumiza mafomu awo ku UCAS, bungwe lomwe limalandira mafomu ofunsira malo m'mayunivesite a kuno, pofika pa 15 Okotobala. Ofuna unamwino ali ndi mpata mpaka Januwale, koma akaona anzawo akuthamanga nawonso amadzadza pakhomo panga. Ntchito yanga ndi kuwerenga kalata yomwe wophunzira amadzifotokozamo, popeza ndinagwirapo unamwino m'mawodi, ku Malawi komanso kuno.

Kuyambira ndi olowa yunivesite mu 2026, kalatayi ili ndi mafunso atatu: chifukwa chomwe ukufunira maphunzirowo, momwe zakusukulu zakukonzekeretsera, ndi zomwe wachita kunja kwa sukulu. Mayankho onse pamodzi asapitirire zilembo 4,000, kuwerengera ndi mipata yomwe, ndipo lililonse lisachepere zilembo 350. Malo ake ndi ochepa zedi.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinali pa makalata a udokotala. Ambiri amayamba ndi mawu akuti kuyambira ali ana ankafuna kuthandiza anthu. Sindinena kuti akunama, koma wosankha ophunzira sapezapo kanthu, chifukwa wina aliyense angalembe zomwezo asanapondepo m'chipatala.

Lachitatu kunabwera mtsikana wina, makolo ake ndi a ku Zomba, wofuna unamwino wa odwala akuluakulu. Loweruka lililonse amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, koma m'kalata yake ntchitoyo inali mzere umodzi basi. Kwina konseko kunali maliro a agogo ake ndi mawu oti iye ndi wachifundo, woleza mtima. Ndinamufunsa chomwe chinamuvuta Loweruka lapitalo.

"Anti, zimenezo n'zolemba ngati?"

Ndinati angondiuza kaye. Gogo wina wodwala matenda oiwalaiwala anadziipitsira pabedi. Mtsikanayu atafika ndi madzi, gogoyo anakana ndipo anamumenya padzanja. Iye sanalimbane naye. Anamufunditsa, anatseka chitseko, n'kukaitana womuyang'anira pantchito. Atabwerera anamupatsa gogoyo kansalu kuti ayambe wadzipukuta yekha kumaso, ndipo m'pamene analola kuti amusambitse. Pomutembenuza, mtsikanayu anaona malo ofiira kumunsi kwa msana, omwe sanayere womuyang'anira uja atadinapo ndi chala. Chimenecho ndi chiyambi cha chilonda chobwera chifukwa chogonera malo amodzi, ndipo anachilemba m'buku la wodwalayo. Pakhungu lakuda ngati lathu kufiirako sikuoneka bwino, ndiye timayang'ana kuda, kutentha kapena kulimba kwa malowo.

Nkhani imeneyi ndiyo tinaika pa funso lachitatu. Ndinamuuza kuti alembe zomwe zinachitika, zomwe iye anachita, kenako zomwe anazindikira za gogoyo. Gawo lomalizali ndi lomwe ambiri amalephera, chifukwa amalemba momwe iwowo anamvera chisoni. Iye analemba kuti kwa munthu amene sakukumbukira nkhope yako, kumusambitsa kuli ngati mlendo walowa kuchipinda n'kuyamba kumuvula. Mawu oti "ndine wachifundo" tinawafufuta, chifukwa analibenso ntchito. Dzina la gogoyo ndi la nyumbayo sitinalembe. Wophwanya chinsinsi cha wodwala m'kalata wadzichotsa yekha pamndandanda.

Mtsikanayu anafuna kubisa zoti sabata yotsatira gogoyo anakananso, komanso zoti anakaitana womuyang'anira. Ndinati zonsezo zikhale. Wosankha amafuna kuona kuti ukudziwa pomwe mphamvu zako zathera, ndiponso kuti njira yomwe yathandiza lero mawa ikhoza kukanika. Kuno theka la maphunziro a unamwino, maola 2,300, umalithera pantchito yeniyeni, kuphatikizapo usiku ndi Loweruka ndi Lamlungu, nthawi zambiri maola 12 uli chiimire. Mwana amene wagwirapo ndowe n'kubweranso sabata yotsatira waonetsa kale kuti akudziwa chomwe akulowa.

Lachinayi bambo ake anandiimbira foni. Anapempha mwaulemu kuti tichotse za kudziipitsirazo poti n'zochititsa manyazi, ndiponso tiikemo mawu ena a udokotala, mwina mwayi n'kugwa. Ndinawafotokozera kuti kalata ndi imodzi yomweyo yomwe imapita kumalo onse asanu omwe mwana wasankha. Ya mitima iwiri, a unamwino amaiona ngati ya munthu wongodikirira udokotala, pomwe a udokotala samvamo chifukwa chomwe akufunira ntchito yawo. Za kusambitsa zija tinangofewetsa mawu, koma zinakhala.

Lachisanu tinadula zilembo zopitirira. Maliro a agogo ake anatsala chiganizo chimodzi pa funso loyamba. Kenako ndinamufunsa mafunso ngati a pa intaviyu, chifukwa chilichonse cholembedwa m'kalata akhoza kuchitokosa: gogoyo akanakaniratu, ukanatani? Anayankha kuti akanamusiya wofunda, kulemba kuti wakana, ndi kupempha mnzake yemwe gogoyo amamuzolowera kuti ayesere posachedwa, chifukwa khungu silingakhalitse m'zonyowa.