Zaka zisanu tikusindikiza, ndipo ŵ wathu sanavulepo chipewa

Mwezi uno shopu yathu yakwanitsa zaka zisanu, ndipo makina osindikizira mabana akuluakulu amene tinkawalota aja tsopano ndi athu. Tinayamba ndi kompyuta imodzi ndi pulinta ya mapepala wamba pakhonde la golosale. Koma ntchito imene yatidziwitsa kwa anthu ndi yooneka yaing'ono: munthu amabwera ndi positala yakale n'kunena kuti, "Achimwene, mungowonjezerapo mzere umodzi wa Chichewa."

Mzere umodziwo ndi umene umagwetsa ambiri. Chilembo cha ŵ, w wovala kachipewa amene ali m'mawu ngati Malaŵi, aŵiri ndi maŵa, sichipezeka m'fonti iliyonse. Ambiri masiku ano salembanso chilembochi, koma mipingo ina, akuluakulu, ndi abale athu olemba Chitumbuka amachifuna, ndipo ife sititsutsa mwini mawu. Fonti ikakhala kuti ilibe ŵ, kompyuta imaika kabokosi kopanda kanthu, kapena imabwereka chilembocho mwakachetechete ku fonti ina. Kabokosi n'kosavuta kukaona. Kubwerekako ndiye koopsa, chifukwa pasikirini zimaoneka bwinobwino, koma pabana ya mamita awiri ŵ uja amatuluka woonda kapena wamfupi pakati pa anzake onenepa.

Chaka chathu chachiwiri tinatsala pang'ono kutseka chifukwa cha zimenezi. Kwaya ina inabweretsa positala yawo ya chaka chapitacho, ya PDF, kuti tiwonjezerepo mawu akuti "Maŵa tiimbire Malaŵi ndi ng'oma" ndi tsiku latsopano. PDF kawirikawiri imasunga zilembo zokhazo zimene zinagwiritsidwa ntchito, osati fonti yonse, ndiye ŵ munalibemo. Tinayang'anitsitsa maonekedwe a a, g ndi R mpaka tinaizindikira fonti ya mutuwo, koma nayonso inalibe ŵ. Inali ndi â. Tinalemba â ndi w pa saizi imodzi mu CorelDRAW, n'kuzisandutsa zojambula ndi Ctrl+Q, n'kuchotsa kachipewa ka â kukakakhazika pakati penipeni pa w. Kachipewa kochokera m'fonti yomweyo kamafanana kunenepa ndi zilembo zinzake, ndipo palibe angadziwe kuti n'kosokerera. Pamizere ing'onoing'ono ya m'munsi tinagwiritsa ntchito Montserrat, imene ili ndi ŵ ndi Ŵ womwe.

Nthawi imeneyo mabana tinkakasindikizitsa kwa ena. Iwo anafuna kukulitsa mutu, ndipo m'malo motifunsa anaulembanso okha ndi fonti ya pamakina awo. Bana inabwera ili ndi timabokosi tiwiri, pa maŵa ndi pa Malaŵi. Anakana kubweza ndalama, ati Chichewa chathu ndiye chovuta. Tinasindikizanso kwina ndi ndalama ya katapila, ndipo amene anatibwereka uja ankafika pakhomo tambala asanalire. Onse awiriwa akudzidziwa okha, ndipo tikuwauza kuti kwaya ija mpaka lero ndi makasitomala athu.

Pano fonti iliyonse imayamba yayesedwa isanakhudze positala ya munthu. Timalemba mzere uwu: Malaŵi, Ŵ, ng'ombe, m'mudzi, á é í ó ú. Mu Word, ŵ amabwera mukalemba U+0175 n'kudina Alt+X, ndipo wamkulu ndi U+0174. Kenako timasankha ŵ yekhayo n'kuona dzina la fonti limene likuoneka pamwamba. Likasintha, ndiye kuti wabwerekedwa. Arial, Times New Roman, Calibri, Noto Sans ndi Charis SIL sizitikhumudwitsa. Zokongoletsa zaulere za pa intaneti ndizo zimalephera kawirikawiri. Nkhodolero ya ng' timayang'ananso kuti ifanane ndi za m'positala yakaleyo, yowongoka kapena yopindika, chifukwa kusakaniza kumaonekera patali. Mizere imene ili ndi Ŵ timaitalikitsako pang'ono kuti kachipewa kasagunde miyendo ya g ndi y ya mzere wapamwamba.

Tikuthokoza amayi amene anagulitsa chimanga chawo kuti tigule kompyuta yoyamba ija, ndi amayi a kunyumba amene anapirira miyezi ya katapila osadandaula. Zikomo amayi a banki m'khonde amene munatikhulupirira pomwe ena ankatiseka. Zikomo abusa ndi aphunzitsi opuma amene mumabwera ndi cholembera chofiira kudzatikonzera kalembedwe, komanso anyamata athu awiri amene amagona mochedwa nyengo ya maukwati. Koposa zonse, Mulungu alemekezeke.

Ngati muli ndi positala ya ukwati, ya mpingo, ya sukulu kapena ya malonda yofunika mawu atsopano, bwerani nayo pafulashi. Fayilo yoyambirira ndiyo yabwino, koma ngakhale chithunzi cha pa WhatsApp timachilandira, bola chikhale chowala. Tidzakusindikizirani kaye kapepala ka A4 kuti muwerenge chilembo chilichonse ndi maso anu, ndipo mwezi wonse uno kapepala koyeserako n'kaulere.